Tchati cha ntchito za pakhomo cha ana anayi a misinkhu yosiyana

*"Ndili ndi ana anayi: mtsikana wa zaka 16 ali ku sekondale, mnyamata wa zaka 13 ali Giredi 7, mtsikana wa zaka 10 amalowa m'kalasi masana, ndi mzime wamwamuna wa zaka 7. Pamodzi ndi bambo awo tilipo anthu 6. Ndinalemba tchati choti azisinthana ntchito tsiku ndi tsiku, Lolemba lililonse kuyambira wamkulu, koma sichinathe ndi masabata atatu omwe. Zonse zabwerera kwa wamkuluyo, moti wayamba kusinza m'kalasi. Ine ndimagulitsa pa msika wa Kapata, ndimafika pakhomo cha m'ma 18 koloko. Ndikonze bwanji?" — Mayi wa ana anayi, Chipata*

Amayi, musanakalipire mwana aliyense, tengani pensulo tiwerenge limodzi. Masiku a sukulu ndi asanu, ana ndi anayi. Wamkulu akatenga Lolemba, wachiwiri Lachiwiri, wachitatu Lachitatu, mzime Lachinayi, ndiye kuti Lachisanu labwerera kwa wamkulu. Lolemba lotsatira mwayambiranso kwa iye. Pa masabata anayi pali masiku a sukulu 20. Iye watenga 8, anzake atenga 4 aliyense. Pamenepo sitinayambe n'komwe kulankhula za msinkhu. Lachinayi mwana wa zaka 7 sangakoleze mbaula kapena kunyamula chigubu, ndiye mlongo wake amamugwirira, masiku aja akwana 12. Lachitatu mwana wa zaka 10 sangavundule nsima ya anthu 6, akwana 16. Mwa masiku 20, mwana mmodzi akugwira 16, ndipo pakhoma papachikidwa pepala lonena kuti onse akugawana mofanana. Anawo sanaphwanye tchati chanu ayi. Anachitsatira mpaka pomwe chinawafikitsa.

Ndaphunzitsa za kasamalidwe ka pakhomo zaka zambiri, ndipo ndalera ana anayi ngati inu. Chimene ndinachiona, kusukulu ndi kwathu komwe, n'chakuti ana osiyana misinkhu chonchi sangazungulire m'bwalo limodzi. Pafunika mabwalo awiri. Akuluakulu awiri azisinthana ntchito ziwiri zolemera, aang'ono awiri azisinthana ntchito ziwiri zopepuka, ndipo wamng'ono aliyense akhale m'manja mwa mkulu mmodzi. Kusinthanako kuzichitika pa sabata, osati pa tsiku.

Za pa sabatazi ndizifotokoze pang'ono, chifukwa makolo ambiri amaona ngati kusinthana tsiku ndi tsiku ndiye chilungamo chenicheni. Vuto lake, ntchito za pakhomo zimalowana. Mpoto wophikira nyemba Lachiwiri usiku umanyikidwa m'madzi, ndiye Lachitatu m'mawa funso limabwera: autsuke ndani, wadzulo kapena walero? Diramu likapezeka lopanda madzi, walero amati wadzulo sanadzaze, wadzulo amati ndinadzaza koma mwasambira. Mwana akadziwa kuti mawa si tsiku lake, amakankhira mawa chilichonse chokankhika. Koma akakhala nayo ntchitoyo sabata yathunthu, mpoto womwe wausiya usiku amaupeza yekha m'mawa. Sipakhalanso mlandu woti inu muweruze mutangotula katundu wa kumsika.

Ntchito zolemera ziwirizo ndi izi. Yoyamba tiitche "moto": kukoleza mbaula, tiyi kapena phala la m'mawa, ndiwo ndi nsima ya madzulo, kutsuka mapoto omwe waphikira, kutaya phulusa. Yachiwiri tiitche "madzi": kudzaza diramu ndi ndowa ya madzi akumwa, kukolopa m'nyumba, kuona kuti kubafa ndi kuchimbudzi kuli madzi komanso n'kosamalika. Zopepuka ndi "mbale", kutanthauza makapu, mbale, masipuni, kuyala podyera ndi kubweretsa madzi osamba m'manja, ndi "tsache", kutanthauza kusesa pabwalo ndi pakhonde, kukataya zinyalala kudzala, kuthirira masamba ngati muli ndi kadimba kuseri. Wa mbale amayenda ndi wa moto, wa tsache amayenda ndi wa madzi. Mapoto musawaike kwa wa mbale. Wophika akadziwa kuti mpoto wopserera aukwecha yekha, amaphunzira msanga kuchepetsa moto.

Tchaticho chikhale chonchi. Pamene ndalemba misinkhupo inu mulembe mayina awo.

| Sabata | Moto | Mbale | Madzi | Tsache |
|---|---|---|---|---|
| 1 | wa zaka 16 | wa zaka 10 | wa zaka 13 | wa zaka 7 |
| 2 | wa zaka 13 | wa zaka 7 | wa zaka 16 | wa zaka 10 |
| 3 | wa zaka 16 | wa zaka 7 | wa zaka 13 | wa zaka 10 |
| 4 | wa zaka 13 | wa zaka 10 | wa zaka 16 | wa zaka 7 |

Mukachiyang'ana bwino muona kuti pa masabata anayi mkulu aliyense waphika kawiri ndi kutunga kawiri, wamng'ono aliyense watsuka kawiri ndi kusesa kawiri, ndipo palibe wamng'ono amene wakhalira mkulu mmodzimodzi mwezi wonse. Zimenezi ndinaziika dala. Pakhomo paliponse pamakhala awiri amene amagwirizana kwambiri ndi awiri amene sachedwa kukokana, ndipo mukawamangirira pamodzi mpaka kalekale, gulu limodzi limasangalala lina likulira. Teremu ya sukulu kuno imakhala ya masabata pafupifupi 13, choncho tchatichi chimazungulira katatu n'kutsala sabata imodzi. Pa pepalapo musangolemba kuti 1, 2, 3, 4. Lembani madeti enieni a Lolemba lililonse mpaka teremu ithe, mizere 12 kapena 13, kuti pasadzakhale kukangana kuti tili sabata yachingati. Kuseri kwa kalendala yakale n'kokwanira. Muikute ndi pulasitiki, muikhomere pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, pamsinkhu woti mzime azitha kuona. Pamwamba pa ntchito iliyonse jambulani kambaula, kambale, kachigubu ndi katsache, kuti naye asamadikire kuwerengeredwa.

Tiyeni titenge tsiku limodzi, Lachiwiri la sabata yachiwiri, chifukwa ndi pamene tchatichi chimayesedwa: mnyamata ali pa moto, mtsikana wamkulu ali pa madzi.

Akuluakulu awiri adzuke 5 koloko. Mnyamata akoleze mbaula, malasha atawakonzeratu usiku, atereke madzi a tiyi, ndipo pa moto womwewo aphikiretu cha masana, kaya mbatata kaya mpunga, n'kuchivindikira. Chimenechi n'chofunika chifukwa masana inu kulibe, ndipo mwana wa zaka 10 asamakoleze mbaula ali yekha pakhomo kuti adye asanapite kusukulu. Mtsikana wamkulu apite ku mpopi. Anthu 6, tikawerengera malita 20 pa munthu pa tsiku, omwe ndi ochepetsetsa akumwa, kuphikira ndi kusamba, ndi malita 120, kapena kuti zigubu 6 za malita 20. Diramu lija la malita 210 limalowa zigubu 10 ndi theka. Choncho likadzazidwa Loweruka, mkati mwa sabata ntchito yake ndi yongobwezera zomwe zatsika, zigubu zitatu m'mawa ndi zitatu madzulo. Mpopi ukakhala pabwalo pomwepo, zigubu zitatu zimatha pa mphindi 20 kapena kuchepera. Mzime adzuke cha m'ma 5:45, ntchito yake ya m'mawa ndi kusonkhanitsa makapu n'kuwaika m'beseni la madzi, basi. Adzatsuka akaweruka. Pofika 6:30 atatuwo atuluke atasamba, atadya.

Watsala pakhomo ndi wa zaka 10 uja, ndipo apa ndipempha mutchere khutu. Mwana wolowa masana ndi amene amadyeredwa masuku pamutu mosaonekera. Aliyense potuluka amamusiyira kanthu: "Iwe poti ulipo, utsukeko mpotowu," "uyanikeko zovalazi," "madzi akabwera utungeko." Pofika 11 koloko wagwira ntchito za anthu atatu, homuweki sanaigwire, amakafika m'kalasi nthawi ya dzuwa loswa mtengo ali wotheratu. Lamulo likhale lakuti ntchito yake imasuntha nthawi koma siikula. Sabata ino ali pa tsache, ndiye asese pabwalo ndi pakhonde anzake atapita, ataye zinyalala, athirire masamba. Ndi ntchito ya theka la ola. Ikatha atenge mabuku, chifukwa m'mawa mwake ndi momwe anzake amakhala nawo madzulo. Sabata yomwe ali pa mbale, atsuke makapu a m'mawa nthawi yomweyo. Sabata yomwe sali pa mbale, makapuwo awasiye m'beseni ngakhale akuwaona. Kuwasiyako si ulesi ayi, ndipo muwauze onse choncho pamaso pake.

Madzulo, cha m'ma 16 koloko, mtsikana wamkulu atunge zigubu zake zitatu, akolope, aone kubafa. Pofika 17 koloko wamaliza ndipo sabata yonseyi sakhudzanso mthiko. Nthawi imene mumaifuna ija, yoti awerenge kusanade, ndi imeneyi. Mnyamata akoleze moto cha m'ma 17, aphike ndiwo, madzi a nsima atereke inu mukulowa pakhomo. Mukatha kudya, mzime atsuke mbale ali chikhalire pa kampando, beseni limodzi la sopo lina lotsukuluzira, mkulu wake akukwecha mapoto pambali pake. Mipeni ndi matambula agalasi atsuke mkuluyo. Ikamakwana 19:30 ntchito yonse ikhale itatha. Mukaphatikiza, mkulu aliyense wagwira pafupifupi ola limodzi ndi theka pa tsiku, wa moto kupitirirako pang'ono, ndipo aang'ono theka la ola. Mukaona kuti zikupyola apa tsiku ndi tsiku, vuto si ana koma ntchito yachuluka, ndiye ina isunthireni Loweruka kapena muitenge inu makolo.

Pa nkhani ya madzi pali malire amene sindifuna muwadumphe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Mwana wa zaka 10 amalemera makilogalamu cha m'ma 30. Kumusenzetsa chigubu chimenecho n'kumusenzetsa magawo awiri mwa atatu a thupi lake. Akamathandiza mkulu wake, anyamule cha malita 5, chija cha mafuta ophikira, ndipo mzime chomwecho kapena chocheperapo. Ngakhale wa zaka 13, masiku omwe mpopi wauma, monga zimachitikira mu Okutobala, ndipo madzi akutungidwa ku mjigo kutali, apite ndi wilibala kapena njinga. Tsiku lotero ntchito ya madzi imakula kawiri kapena katatu, ndiye kukolopa kudikire, ndipo aliyense wopita kukasamba adzitungire yekha ndowa yake. Ziikeni pa tchati zimenezi, mzere umodzi pansi: "Mpopi ukauma, sitikolopa."

Tsopano za mnyamata ndi mthiko. Ndikudziwa kuti mukuwerenga mukuti, mwana uja sanaphikepo nsima, tigona ndi njala. Masiku atatu oyamba nsima idzakhaladi ya mibulu kapena yofewa ngati phala, ndipo pamenepo ndi pomwe makomo ambiri amagonjera: bambo akwinya nkhope, mayi aitana mtsikana kuti "tangomulandira," ndipo tchati chafa tsiku lomwelo. Musamulandire. Sabata yake yoyamba imani pambali pake, manja anu ali kumbuyo, mthiko uli kwa iye. Mumuonetse kuti ufa woyamba umalowa madzi atafunda, asanawire, akutakasa kuti usaundane. Avindikire, phala lithakathe mokwanira, chifukwa nsima yosapsa imachokera pa kufulumira apa. Kenako azithira ufa pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litagwira mpoto ndi kansanza, lamanja likukanikizira mthiko m'mbali mwa mpoto kuti mibulu iphwanyike. Akamaliza avindikirenso pa moto wochepa kanthawi, aviike chipande m'madzi, aomole. Masiku awiri oyamba aphike ya anthu atatu mu mpoto waung'ono inu mukuphika yotsalayo, chifukwa mpoto wa anthu 6 umafuna mkono wozolowera. Ikamatha sabata yake yachiwiri pa moto, yomwe pa tchati ndi sabata 4, adzakhala akuphika ya nyumba yonse.

Mlongo wake asakhale mphunzitsi wake pa zimenezi. Akaima pamenepo, mosazindikira amalanda mthiko, ndipo nthawi yake yowerenga yapita. Bambo awo muwauziretu mwaulemu muli awiri, anawo asanaone tchati, kuti nsima ya masiku oyambawo aidye osanena kanthu, ndipo ngati angathe ayamikeko. Mawu amodzi a bambo pa nkhaniyi amalemera kuposa pepala lonse. Adzabweranso achibale, mwina agogo ochokera kumudzi, n'kufunsa kuti mwana wamwamuna akutani kukhitchini pamene atsikana alipo. Ayankheni modekha kuti mukumukonzekeretsa za kutsogolo, poti akadzapita ku koleji kapena kukagwira ntchito ku Lusaka sadzapita ndi mlongo wake. Agogo ambiri amamva zimenezi, chifukwa amadziwa amuna amene anapita kumigodi kalelo n'kumadziphikira okha.

Kunena za moto, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye ana amakonda kulowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka zitseko. Mpweya wa malasha sununkha koma umapha anthu ali m'tulo. Wa moto adziwe kuti ntchito yake imatha akatulutsa mbaula panja.

Chinthu china chimene chimathetsa mikangano yambiri ndi kugwirizana kuti ntchito "yatha" ikaoneka bwanji. Kwa mwana wa zaka 7, kutsuka mbale n'kuiviika m'madzi n'kuitulutsa. Kwa inu, ndi mbale yopanda mafuta kuseri kwake. Khalani nawo tsiku limodzi musanayambe, muyende nawo ntchito iliyonse. Mbale yatha mukapititsa chala kuseri osaterera, ndipo yaikidwa chozondoka pa thandala. Kusesa kwatha zinyalala zikafika kudzala, osati zikaunjikidwa pakona pa mpanda. Ntchito ya madzi yatha madziwo akafika pa mzere womwe mwaulemba ndi penti kapena lasha pa diramu, ndowa ya akumwa ili yovindikira. Moto watha mapoto akatsukidwa, phulusa litatayidwa, malasha a mawa ali pambali. Mukabwera kumsika mumangoyenda mphindi ziwiri n'kuona zinayi zimenezi, osafunsa aliyense kuti wagwira kapena ayi.

Loweruka ndi Lamulungu zimafuna kaganizidwe kena, koma musalembe tchati chachiwiri. Anthu omwewo akhale pa ntchito zomwezo, kungoti ntchito iliyonse ikhale ndi chachikulu chake cha Loweruka. Wa madzi adzaze diramu mpaka pakamwa, atsuke chimbudzi ndi bafa, akolope ndi kupaka kobura. Wa moto akweche mapoto onse mpaka kunsi kwake, asese ndi kukonza kukhitchini, ndipo sabata yomwe ufa watha apite kuchigayo. Wa mbale apukute kabati ndi kutsuka thandala, wa tsache azule udzu pabwalo ndi kupukuta mawindo a m'munsi. Chimbudzi ndachiika dala kwa akuluakulu awiri okha, ndipo popeza amasinthana, palibe amene anganene kuti ntchito yonyansa imangomugwera iye. Mankhwala oyeretsera aja a jiki asasakanizidwe ndi mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya woipa, komanso akhale pamwamba pomwe mzime sangafikire.

Zochapa zisalowe m'kasinthasintha. Aliyense achape zake, kuyambira wa zaka 10 kupita m'mwamba. Mzime achape masokosi ndi kabudula wamkati, zotsalazo muchape inu kapena bambo ake, osati mlongo wake, chifukwa zochapa ndi khomo lina limene ntchito imabwererako kwa mtsikana wamkulu mwakachetechete. Mayunifolomu achapidwe Lachisanu akangoweruka, makamaka nyengo ya mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene chovala chochapidwa Loweruka masana chimatha kufika Lolemba chikadali chonyowa m'khwapa. Wolowa masana achape yake Loweruka m'mawa kwambiri. Kusita kuchitike Lamulungu masana, akuluakulu awiri aliyense asite yake ndi ya wamng'ono yemwe ali naye sabata imeneyo. Ntchito zonse za Loweruka zithe pofika 12 koloko. Masana ake ndi a ana, kaya mpira, kaya kwaya, kaya kugona. Mwana akadziwa kuti ntchito ili ndi pothera amaigwira msanga. Ngati banja lanu limapemphera Loweruka, zonsezi muzingozitembenuza, zikulu zichitike Lamulungu m'mawa.

Lamulungu ndikulangizani kuti nkhomaliro muphike inu, ana apume ku moto ndi kukolopa. Madzulo ake mutatha kudya ndi nthawi yosiyirana. Wa moto aonetse mnzake mapoto oyera ndi malasha otsala, wa madzi aonetse diramu lodzaza ndi chimbudzi chotsuka. Wolandirayo ali ndi ufulu wokana kulandira chinthu chosatha, ndipo wosiyayo amalize usiku womwewo. Sizitenga mphindi khumi, koma mukadumpha mwambo umenewu, aliyense amayamba kulekerera ntchito kuyambira Lachisanu podziwa kuti Lolemba ndi za wina.

Mnyamata wanu alemba mayeso a Giredi 7 chakumapeto kwa teremu yachitatu. Masabata anayi mayeso asanayambe, muchepetsereni ntchito za madzulo, koma zimene mwamuchotserazo zisatsikire pa mlongo wake. Sabata yake ya moto, nsima ya madzulo muphike inu, iye angokoleza ndi kutsuka mapoto. Sabata yake ya madzi, zigubu za madzulo atunge bambo ake kapena mulipire wina masiku amenewo. Chaka chomwe mtsikana adzalembe Giredi 12 mudzachite chimodzimodzi, ndipo muwauze onse awiri lero kuti zidzatero. Kudwala nakonso n'chimodzimodzi: ntchito ya wodwala itengedwe ndi kholo kapena igawidwe kwa onse atatu, ndipo akachira sabweza ngongole. Masiku amene mtsikana wamkulu sakupeza bwino chifukwa cha kumwezi ali pa madzi, angokunong'onezani, inu mukonze zosinthana popanda kulengeza chifukwa. Kusinthana kwina kulikonse, monga wina akafuna kupita ku mpira, kuloledwe pokhapokha anena kwa inu ndipo kwalembedwa pa tchati ndi tsiku lobweza. Mukapanda kutero mudzapeza mzime wagula ntchito za mkulu wake ndi switi imodzi.

Wina akapanda kugwira ntchito yake, musamuonjezere ina ngati chilango, chifukwa mukatero mwawaphunzitsa kuti ntchito ndi chilango. Ntchito yomweyo imudikire, ndipo masewera kapena wailesi ya kanema zidikirenso mpaka aimalize. Mbale ndi tsache zimatha kudikira. Madzi ndi chakudya sizidikira, ndiye zikagwa mugwire inu tsikulo, iye adzabweze pa ntchito yanu ya Lamulungu.

Chomaliza ndi chimene ine ndinalakwitsa, ndipo ndikuona kuti inunso chikukudikirani. Tchati changa choyamba chinali chabwino pa pepala, koma ndikafika pakhomo nditatopa, ndikaona kanthu kosalongosoka, pakamwa panga pankatuluka dzina limodzi lokha, la mwana wanga woyamba. Ankayankha msanga, sankanyinyirika, ankagwira bwino. Tsiku lina ndinatuluka cha m'ma 21 koloko magetsi atazima, ndinamupeza atagwada kuseri akukwecha mpoto umene sunali wake, buku la sayansi atalitsegula pamwamba pa diramu, tochi ya foni ataigoneka pa njerwa kuti iunikire zonse ziwiri. Nditamufunsa chifukwa chake, anati, "Amama, si inu munandiitana?" Ndinalidi nditamuitana, osazindikira n'komwe. Mtima unandipweteka kwambiri usiku umenewo.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuitana dzina, ndinayamba kuitana ntchito. Ndikaona diramu latsika ndimafunsa kuti, "Wa madzi ndani?" Ndikaona mbale ndimati, "Wa mbale ali kuti?" Mwini wake amadzuka yekha, ndipo akazengereza anzake amamuloza pa tchati. Bambo awo nawonso azitero akafuna madzi osamba. Mtsikana wanu mumuuze muli awiri kuti kuyambira tsopano kusiya ntchito ya mnzake si mwano, ndinu mwamutuma kutero, chifukwa iye anazolowera kale kuti chilichonse chotsala ndi chake ndipo sangasiye yekha. Pa masabata anayi oyamba, chizindikiro chokuuzani ngati zikuyenda n'chimodzi: ikakwana 20 koloko, yang'anani manja ake. Akakhala onyowa sabata yomwe sali pa moto, pali wina amene akumutulira katundu, ndipo mufufuze kuti ndani kuyambira pa inu mwini.

Tchatichi si cha zaka zonse. Teremu iliyonse ikamayamba muzichilembanso ndi madeti atsopano, n'kuona ngati wolowa masana wasinthidwa nthawi kusukulu. Sabata yotsala ija ya 13 muipatse zomwe zili pa sabata 2, mnyamata pa moto, kuti zisagwerenso wamkulu. Wa zaka 10 akafika 12 ayambe kuphika ndiwo Loweruka limodzi pa mwezi muli pomwepo, kenako nsima ya anthu awiri, chifukwa pakangotha zaka ziwiri mtsikana wamkulu adzakhala atamaliza sekondale mwina atachoka pakhomo, ndipo bwalo la akuluakulu lidzafuna munthu wolowa m'malo mwake wodziwa kale kugwira mthiko.